Mapiritsi okhwimitsa mazira: mukufuna mmodzi, angabwere awiri

Ana anga, makalata ambiri amene akufika patsamba lino akufunsa za mapiritsi amene ena akuwatcha "obereketsa". Wina akuti mnzake wa kuntchito anamwa ndipo pano ali ndi mapasa. Wina akuti apongozi ayamba kuyankhula zambiri poti zaka zitatu zatha m'nyumba muli zii, ndiye akufuna akangogula kufamase. Lero tikambirane za mankhwala awiri amene madokotala amapereka kawirikawiri, kolomifeni (ambiri amamudziwa ndi dzina loti Kolomidi) ndi letirozolo.

Choyamba mudziwe kuti mapiritsi amenewa ntchito yake ndi imodzi basi: kuthandiza mayi amene dzira lake silikhwima ndi kutuluka mwezi ndi mwezi. Satsekula machubu otsekeka, ndipo mayi akamwa sawonjezera mbewu ya abambo. Ndiye ngati vuto lili kwa bambo, mayi akhoza kumwa chaka chathunthu osaona kanthu. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amayamba wayeza umuna, n'kuonanso ngati njira za mazira zili bwino. Abambo, pamenepa musamati "pita wekha". Kuyezetsa kwanu n'kosavuta kuposa kwa akazi anu.

Nanga dzira limakhwima bwanji? Limakulira m'kathumba ka madzi m'kati mwa basiketi ya mazira, koma lamulo limachokera kumutu. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kamene kamatulutsa homoni yotchedwa FSH, imene imauza timatumba kuti tiyambe kukula. Kathumba kakamakula kamatulutsa homoni ina, esitirojeni, imene imabwerera kuubongo kukanena kuti ntchito ikuyenda, chepetsani FSH. FSH ikachepa, timatumba tina tonse timafota n'kutsala kamodzi kamene kanatsogola. Kenaka ubongo umatulutsa homoni ya LH yambiri nthawi imodzi, kathumba kaja n'kuphulika, dzira n'kutuluka. Umu ndi mmene thupi limaonetsetsera kuti mwana azibwera mmodzimmodzi.

Kwa amayi ena, makamaka amene ali ndi vuto la PCOS, timatumba timayamba kukula tambirimbiri koma palibe kamene kamafika pokhwima. Mayi wotere amatha miyezi iwiri kapena itatu osasamba, mwina amanenepa, kutuluka ziphuphu, kapena tsitsi pachibwano.

Kolomifeni, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuchokera m'zaka za m'ma 1960, amapusitsa ubongo. Amakakhala pamalo pamene ubongo umamvera esitirojeni, ngati munthu amene wautseka makutu. Ubongo ukaona kuti sukumva uthenga uliwonse umaganiza kuti kumunsi sikukuchitika kanthu, ndiye umawonjezera FSH. Vuto lake n'lakuti mankhwalawa amachedwa kutuluka m'thupi, amatha masabata. Kathumba koyamba kakamakuwa kuti "basi, zakwana", makutu aja amakhala akadali otseka, ndipo kachiwiri ndi kachitatu nako kamapeza mpata wokula. Apa ndi pamene pamachokera mapasa. Kolomifeni amatsekanso makutu a chiberekero, kotero kwa amayi ena khungu la m'kati mwa chiberekero, pamene mwana amakakhazikika, limapyapyala, ndipo chikazi chotanuka chija chimene chimathandiza mbewu kusambira chimachepa.

Letirozolo amadzera njira ina. Iyeyu anapangidwira khansa ya m'mawere, ndiye musadzidzimuke mukawerenga zimenezo pakapepala ka m'bokosi. Ntchito yake ndi kuletsa thupi kupanga esitirojeni kwa masiku ochepa. Ubongo umaona kuti esitirojeni yatsikadi, n'kuwonjezera FSH. Koma makutu ake amakhala otseguka, ndipo mankhwalawa satenga nthawi kutha m'magazi: pakapita masiku awiri theka lake limakhala litachoka. Choncho kathumba kotsogola kakayamba kutulutsa esitirojeni, ubongo umamva msanga n'kuchepetsa FSH, ndipo kawirikawiri limakhwima dzira limodzi. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2014, pa amayi 750 a PCOS, anapeza kuti mwa amayi 100 alionse omwa letirozolo, oposa 27 anabereka mwana wamoyo, pamene pa kolomifeni anali 19. Kuyambira 2018 malangizo a akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amati kwa mayi wa PCOS ayambe ndi letirozolo. Mapasa anali ochepako pa letirozolo, koma analipo ndithu.

Tiyerekeze mayi wa zaka 27 amene amasamba kanayi kapena kasanu pachaka. Amuna ake ayezedwa, ali bwino, machubu ndi otseguka. Dokotala amayamba wamuyeza mkodzo kuti atsimikize kuti alibe pathupi, chifukwa mankhwalawa samwedwa ndi mayi woyembekezera. Ngati msambo sukubwera, amampatsa mapiritsi ena oyambitsa msambo. Tsiku limene magazi ayamba kutuluka bwinobwino ndilo tsiku 1. Tinene kuti ndi pa 1 Juni. Kuyambira pa 3 mpaka pa 7 Juni amamwa letirozolo wa mamiligalamu 2.5, piritsi limodzi patsiku, masiku asanu okha. Akanakhala kolomifeni akanayamba ndi mamiligalamu 50, masiku asanunso.

Pa 12 Juni amapita kukajambulitsa pa sikani. Mwezi woyambawu sikani ikuonetsa timatumba tating'ono tokhatokha, ndipo akabwereranso patapita masiku angapo palibe chasintha. Si kuti zakanika, mlingo wangochepa. Ulendo wachiwiri dokotala amakweza kufika pa mamiligalamu 5. Pa tsiku 12 akuona kathumba kamodzi ka mamilimita 14 kumanja. Kathumba kamakula pafupifupi mamilimita awiri patsiku, ndipo kamakhala kokhwima kakafika pa 18 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye dzira likuyembekezeka cha pa tsiku 14 mpaka 16. Banjali limauzidwa kuti lizikhala malo amodzi tsiku ili, mawa kupumula, mkuja kukhalanso, kuyambira tsiku 11 mpaka cha pa tsiku 20. Patatha sabata dzira litatuluka, kuyeza homoni ya purojesiteroni m'magazi kumatsimikiza ngati linatulukadi.

Tsono taganizirani mayi yemweyu atakagula yekha kolomifeni, n'kumamwa awiriawiri poti mnzake anati amodzi sagwira. Pa tsiku 12 mwina m'kati muli timatumba tinayi takulutakulu. Akanakhala kuti wajambulidwa, dokotala akanati mwezi uno tisiye, gonani kosiyana kapena gwiritsani ntchito kondomu mpaka msambo ubwere, ndipo ulendo wotsatira tichepetsa mlingo. Madokotala ambiri amaimitsa akaona timatumba titatu kapena kuposa tikuyandikira kukhwima. Ndikudziwa kuti n'zowawa kuuzidwa kuti mudikire pamene mwadikira kale zaka. Koma popanda sikani palibe angadziwe kuti m'katimo muli mazira angati, chifukwa kumva kwa m'thupi sikusiyana kwenikweni. Ngati kumene mukukhala kulibe sikani, yesetsani kujambulitsa mwezi woyamba komanso nthawi iliyonse imene mlingo wakwezedwa.

Ena mwa inu mukuti, "Nanga mapasa n'chinthu choipa, anamwino? Si mwayi umenewo, kuchira kamodzi ana awiri?" Mapasa ndi mphatso, ndipo ndalandirapo ambiri athanzi m'manja mwangamu. Koma walira mvula walira matope. Mwachilengedwe, mwa amayi 100 oyembekezera, mmodzi kapena awiri ndiwo amakhala ndi mapasa. Pa kolomifeni nambala imakwera kufika pakati pa 5 ndi 10, ndipo mwa apo ndi apo pamakhala ana atatu.

Chiberekero chonyamula awiri chimadzaza msanga. Oposa theka la mapasa amabadwa masabata 37 asanakwane, ndipo mwana wobadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, kuyamwa ndi kusunga kutentha kwa thupi. Amene anakhalapo ku wodi ya kangaruu, mwana ali pachifuwa usana ndi usiku, akudziwa zimene ndikunena. Tsono akhale awiri. Mayi nayenso magazi amamuchepera msanga chifukwa akudyetsa awiri, ndipo kuno kwathu malungo amawonjezera vutolo. BP yokwera ya pathupi, ija imatupitsa nkhope ndi manja mpaka mayi kukomoka, imabwera kawirikawiri pa mapasa. Pochira, mwana wachiwiri akhoza kugona mopingasa, n'kufunika opaleshoni. Ndipo chiberekero chimene chinatanuka kwambiri chimachedwa kukungana ana akatuluka, apa ndi pamene mayi amataya magazi ambiri m'mphindi zochepa. Pa zonsezi, chimene chinkatithamangitsa kwambiri usiku ku leba ndi magazi amenewa.

Zonsezi zimatheka kuthana nazo ngati zadziwika msanga. Mukaona kuti msambo wadumpha ndipo mkodzo wasonyeza kuti muli ndi pathupi, musadikire miyezi inayi kuti muyambe sikelo. Jambulitsani pa masabata 6 mpaka 8 kuti aone ngati mwana wakhala m'chiberekero osati m'chubu, komanso kuti alipo angati. Akakhala awiri, sikani ya masabata 14 asanakwane ndiyo imaonetsa bwino ngati aliyense ali ndi nsengwa yake. Mapasa a mapiritsiwa nthawi zambiri amachokera ku mazira awiri, ndiye aliyense amakhala ndi yake, zimene zili bwinoko. Akakhala pa nsengwa imodzi amafunika kujambulidwa masabata awiri alionse, chifukwa wina akhoza kumalanda magazi a mnzake.

Uzani anamwino a kusikelo kuti munamwa mankhwala okhwimitsa mazira. Musachite nazo manyazi, zilembedwe m'buku lanu. Muzipita kusikelo pafupipafupi kuposa anzanu, muyezetse BP ndi magazi, mumwe mapiritsi owonjezera magazi osadumphitsa, ndipo mugone m'neti. Amayi ena dokotala amawapatsa asipirini wa mlingo wochepa woteteza ku BP, koma musadziyambire nokha. Mukachirire kuchipatala chachikulu chimene chili ndi fiyeta, magazi ndi nazale ya ana, osati pa helefi senta. Ngati kwanu n'kutali, pitani kuchiyembekezo msanga, ndipo katundu akhale atamangidwa kale mwezi wachisanu ndi chiwiri. Abambo, ya thiransipoti isungidwe padera.

Pa nthawi imene mukumwa mapiritsi, kumva kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu, kutopa kapena kupsa mtima msanga zimachitika ndipo zimatha. Koma mukayamba kuona zinthu mwachimbuuzi kapena ngati tinyenyezi tikuthwanima m'maso muli pa kolomifeni, siyani tsiku lomwelo ndipo mukauze dokotala. Mimba ikatupa mwadzidzidzi n'kumapweteka kwambiri, mukusanza, mkodzo ukuchepa kapena mukubanika, thamangirani kuchipatala. N'kutheka kuti mabasiketi a mazira atupa mopitirira muyeso. Izi sizichitika kawirikawiri ndi mapiritsi, koma zikachitika sizidikira mawa.

Ndipo mapiritsiwa ali ndi malire. Ngati dzira likutuluka bwinobwino kwa miyezi isanu ndi umodzi koma pathupi palibe, kupitiriza kumwa sikuthandiza. Bwererani kwa dokotala nonse awiri akafufuzenso chimene chikutsekereza. Mayi amene wapitirira zaka 35 asadikire n'komwe chaka chathunthu asanakaonane ndi dokotala, miyezi isanu ndi umodzi yoyesa yakwana.