Timadontho ta pansi pa nambala: kusankha pomanga mudzi m'masewera a Catan

Masewera a Catan amayamba madayisi asanaponyedwe. Osewera atatu kapena anayi amakhala mozungulira chithunzi cha chilumba, ndipo aliyense amaika timidzi tiwiri pamene wakonda. Zimenezi zimatenga mphindi zochepa chabe, koma amene wasankha molakwika amatha ola lathunthu akuonerera anzake akutola makadi, iye manja ali m'thumba. Ambiri zikatero amadandaula kuti lero tsoka lawagwera. Tsokalo limakhalapo ndithu, koma nthawi zambiri vuto limakhala loti sanawerenge.

Masewerawa anawapanga ndi Klaus Teuber wa ku Jeremani, amene ntchito yake inali yopanga mano oikirira. Anatuluka mu 1995 ndi dzina lakuti Die Siedler von Catan, ndipo chaka chomwecho anapata mphotho ya Spiel des Jahres, imene imaperekedwa ku masewera apatebulo opambana m'dzikolo. Chilumbacho chili ndi zigawo 19, chilichonse cha ngodya 6. Zinayi ndi nkhalango zopereka matabwa, zinayi ndi msipu wopereka ubweya wa nkhosa, zinayi ndi minda ya tirigu, zitatu ndi zitunda zopereka njerwa, zitatu ndi mapiri opereka miyala ya mtapo, ndipo chimodzi ndi chipululu chosabala kanthu. Chigawo chilichonse, kupatula chipululu, chimalandira kachidutswa kolembedwa nambala. Mudzi umamangidwa pangodya, pamene zigawo zakumana. Wosewera akaponya madayisi awiri, madontho a madayisiwo amaphatikizidwa, ndipo chigawo chimene chili ndi nambala imeneyo chimapereka khadi kwa aliyense amene ali ndi mudzi pangodya yake, kaya waponya ndi iyeyo kaya ndi mnzake. Makadiwo ndi amene amamangira misewu, midzi ndi mizinda, ndiponso osewera amasinthana okhaokha. Woyamba kufika pa mapointi 10 ndiye wapambana.

Amene anasewerapo ludo amadziwa kuti dayisi imodzi ilibe tsankho: mbali zake zonse 6 zili ndi mwayi wofanana. Madayisi akakhala awiri n'kumaphatikiza, kufanana kuja kumatha. Kuti zimveke, tinene kuti ina ndi yofiira, ina ndi yoyera. Yofiira ingagwe m'njira 6, ndipo pa iliyonse mwa njirazo yoyera ingagwenso m'njira 6. Zonse pamodzi ndi njira 36, ndipo palibe imene ili ndi mwayi woposa inzake. Kuti patuluke 2 pali njira imodzi yokha, yoti onse awiri aonetse 1. Kuti patuluke 3 pali njira ziwiri: yofiira 1 yoyera 2, kapena yofiira 2 yoyera 1. Anthu ambiri amaphonya apa, poganiza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Kuti patuluke 6 pali njira zisanu: 1 ndi 5, 2 ndi 4, 3 ndi 3, 4 ndi 2, komanso 5 ndi 1. Njirazo zimachuluka mpaka pa 7, amene ali ndi njira 6, kenako n'kuyamba kutsika mofanana ndi mmene zinakwerera. Choncho 8 ndi wofanana ndi 6, 9 ndi wofanana ndi 5, 10 ndi 4, 11 ndi 3, ndipo 12 ndi wosowa ngati 2.

Wosewera safunika kuloweza zimenezi, chifukwa pansi pa nambala iliyonse pali timadontho. Pa 2 ndi 12 pali kamodzi, pa 3 ndi 11 pali tiwiri, pa 4 ndi 10 titatu, pa 5 ndi 9 tinayi, ndipo pa 6 ndi 8, amene analembedwa mofiira, pali tisanu. Kadontho kalikonse kakuimira njira imodzi mwa 36 zija. Palibe chigawo chokhala ndi 7. Nambala imeneyi ikatuluka palibe amene amakolola, m'malo mwake woponyayo amasuntha kachidole ka mbava n'kukaika pa chigawo chimene wasankha, ndipo chigawocho chimaleka kubala mpaka mbavayo itachokapo.

Ntchito yoyamba posankha malo ndi kuphatikiza timadontho ta zigawo zimene ngodyayo yakhudza. Apa ndi pamene mtundu wofiira umanyenga ongoyamba kumene. Munthu amaona 8, mtima n'kudumpha, n'kuika mudzi pamene 8 wakumana ndi 2 ndi 12. Timadontho take ndi 5, 1 ndi 1, tonse pamodzi 7. Chapafupi pali ngodya yosakopa maso, ya 4, 9 ndi 10, imene ili ndi 3, 4 ndi 3, tonse pamodzi 10. Tanthauzo lake ndi lakuti madayisi akaponyedwa maulendo 36, mudzi woyambawo ungayembekezere makadi 7 ndipo wachiwiriwo makadi 10. Ngodya za m'mphepete mwa nyanja zimakhudza zigawo ziwiri kapena chimodzi basi, ndipo ngodya yokhudza chipululu yataya mbali imodzi, choncho izi zimayamba kale zili m'mbuyo.

Anthu ambiri amalekera pamenepa, koma mbali yokoma ya nkhaniyi ili pa mudzi wachiwiri. Tiyerekeze kuti wosewera waika mudzi woyamba pa tirigu wa 6, miyala ya 9 ndi ubweya wa 4. Ndi malo abwino, a timadontho 12. Nthawi yoika wachiwiri itakwana, kwatsala ngodya ziwiri zooneka bwino. Ina ili pa 6, 9 ndi 3, inayo ili pa 8, 5 ndi 11. Zonse ziwiri zili ndi timadontho 11. Kulikonse kumene angapite, midzi yake iwiri idzakhala ndi timadontho 23, kutanthauza makadi 23 pa maulendo 36. Ukangoona chiwerengero chimenechi ungati palibe kusiyana.

Kusiyana kuli pa kabweredwe ka makadiwo. Akasankha ngodya ya 6, 9 ndi 3, manambala ake onse adzakhala anayi okha: 3, 4, 6 ndi 9. Njira zotulutsa manambala amenewa ndi 2, 3, 5 ndi 4, zonse pamodzi 14. Pa njira 22 zotsalazo sapeza kanthu. Pakatuluka 6 kapena 9 amatola makadi awiri nthawi imodzi, koma pakati pake amakhala akudikira. Akasankha ngodya ya 8, 5 ndi 11, amakhala ndi manambala 6 osiyana, ndipo njira 23 mwa 36 zimamupatsa khadi limodzilimodzi. Zosamupatsa kanthu ndi 13 zokha. Zili ngati mlimi amene ali ndi munda wa chimanga ndi dimba lomwe: pachaka angakolole zofanana ndi mnzake wa munda umodzi waukulu, koma pakhomo pake sipakhala miyezi ya njala.

Tingathe kuyeza kutalika kwa njalayo. Osewera akakhala anayi, madayisi amaponyedwa kanayi kuti nthawi ya munthu yomanga ibwerenso. Mwayi woti maulendo anayi onsewo adutse osapeza kanthu timaupeza potenga 22 mwa 36 n'kuchulukitsa ndi iye mwini kanayi. Yankho lake ndi pafupifupi 14 pa 100 alionse, kapena kuti kamodzi pa maulendo 7. Kwa wa manambala 6 uja, tikachita chimodzimodzi ndi 13 mwa 36, timapeza pafupifupi 2 pa 100. Kumayambiriro kwa masewera kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa ngodya zabwino zimatha msanga. Lamulo limati midzi iwiri isayandikane pangodya zotsatizana, choncho mnzako akakudulira kutsogolo ndi msewu n'kumanga, ngodya zoyandikana nayo nazonso zatsekeka.

Makadi obwera mwamulu ali ndi vuto linanso. Pakatuluka 7, aliyense amene ali ndi makadi opitirira 7 m'manja amabweza theka. Mwayi woti 7 atuluke pa kuponya kumodzi ndi umodzi mwa 6, zimene zimaoneka zochepa. Koma pa maulendo anayi aja, mwayi woti atuluke ngakhale kamodzi umafika pa 52 pa 100, kupitirira theka. Amene watsiriza nthawi yake atagwira makadi 8 kapena 9, akudikira limodzi loti akwanitse mzinda, adziwe kuti kutaya theka kuli pafupi kuposa kupulumuka.

Timadontho sitinena mtundu wa katundu, ndipo wosewera ayenera kuyang'ana zimenezi payekha. Msewu umafuna njerwa ndi thabwa. Mudzi umafuna njerwa, thabwa, ubweya ndi tirigu. Kukweza mudzi kukhala mzinda, umene umakolola makadi awiri m'malo mwa limodzi, kumafuna tirigu muwiri ndi miyala itatu. Wosewera wathu uja ali kale ndi tirigu, miyala ndi ubweya, koma alibe njerwa kapena matabwa. Ngati 8 ndi 5 zili pa nkhalango ndi chitunda cha njerwa, nkhani yatha, apite kumeneko, makamaka poti mudzi wachiwiri ndi umene umapereka makadi oyambira, limodzi pa chigawo chilichonse chouzungulira.

Ndi bwinonso kuphatikiza timadontho ta katundu aliyense pachilumba chonse. Tonse pamodzi ndi 58. Njerwa ili ndi zigawo zitatu zokha, ndipo zikapezeka kuti zalandira 3, 11 ndi 12, njerwa yonse pachilumbapo ili ndi timadontho 5. Masewera amenewo aliyense adzalira njerwa. Amene wagwira ngakhale chigawo cha 3 adzatha kupempha makadi awiri posinthana ndi njerwa imodzi, chifukwa njira ina imene anzake ali nayo ndi yopereka makadi anayi ofanana ku banki kuti alandire limodzi. Madoko amachepetsa mtengowo: ena amalandira makadi atatu ofanana a mtundu uliwonse, ena awiri a mtundu umodzi wotchulidwa. Doko la ubweya lili ndi phindu kwa yekhayo amene ali ndi timadontho tambiri pa msipu.

Chimene chimapweteka mtima kwambiri ndi kukhala pa 6, iye osatuluka. Si zachilendo ayi. Mwayi woti 6 asaoneke pa maulendo 10 otsatizana ndi pafupifupi 22 pa 100. Ndipo atasowa choncho, sizitanthauza kuti tsopano wayandikira. Madayisi sakumbukira zimene anachita, ndipo ulendo wa 11 mwayi wake ukadali njira 5 mwa 36.

Pali nthawi imene ngodya ya 6, 9 ndi 3 ija ingakhale yoyenera. Ngati 6 wake ali pa phiri la miyala ndipo 9 ali pa munda wa tirigu, ndiye kuti 6 akatuluka wosewerayo amatola tirigu ndi mwala pamodzi, ndipo 9 akatuluka amatolanso mwala ndi tirigu. Izi ndi zimene mzinda umafuna, ndipo zimabwera ziwiriziwiri. Akatola kotere katatu amakhala ndi miyala itatu ndi tirigu mutatu, zokwanira mzinda woyamba n'kutsalako khadi limodzi. Wosankha njira imeneyi amavomereza kuchedwa pa misewu ndi kudalira kusinthana kuti apeze njerwa ndi matabwa, ndipo mbava ikakhala pa phiri la 6 amakhala atataya timadontho 5 mwa 23 mpaka wina ataisuntha.