Tsiku limene kompyuta inatibweza ku 2012

Tchuthi cha Ogasiti 2024 ndinakachezera kwa amalume ku Matandani, m'boma la Neno. Msuweni wanga wa Fomu 3 anali atapatsidwa kompyuta yakale ya patebulo imene inakhala m'katoni zaka zingapo. Tinaikamo gemu ya mpira, tikutenga intaneti pafoni, ndipo usiku woyamba tinasewera bwinobwino. Kutacha magetsi anathima. Atayaka, gemu inakana kutseguka, ikungoti yalephera kulumikizana ndi seva.

"Asuweni, ndi netiweki iyi," anatero mnzangayo, uku atakweza foni pawindo. Koma uthenga pafoni unkalowa. Iye anafuna tifufute gemu yonse n'kuikopanso, zimene zikanatidyera bandulo ya mwezi wathunthu. Mwayi wake, ndinayamba ndatsegula intaneti pakompyutapo. Tsamba lililonse linkakana, likulemba kuti `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`. Nditayang'ana pakona ya m'munsi, deti inali 1 Januwale 2012.

Nanga gemu ya mpira ifuniranji kalendala? Gemu zambiri zisanatseguke zimayamba zafunsa seva ya kampani ngati uli ndi laisensi. Koma kompyuta siingapereke dzina lako ndi nambala yachinsinsi kwa aliyense, choncho seva imayamba yaonetsa satifiketi yake, chiphaso chotsimikiza kuti ndi yeniyeni. Pa satifiketipo pamakhala madeti awiri: tsiku limene iyamba kugwira ntchito ndi tsiku limene ithera. Zambiri zimakhala za masiku 90 okha.

Tiyerekeze kuti satifiketi ya sevayo inayamba pa 3 Julayi 2024 ndipo ithera pa 1 Okutobala 2024. Kompyuta imatenga deti ya pawotchi yake n'kuona ngati ili pakati pa madeti awiriwa. Ya Ogasiti 2024 ikanadutsa. Koma kwa kompyuta imene ikukhulupirira kuti lero ndi 1 Januwale 2012, chiphasochi chidzayamba kugwira ntchito patapita zaka zoposa 12, ndiye imachikana n'kudula kulumikizana. Wotchi ikathamanga n'kufika 2030, imachikananso, ulendo uno ikuti chinatha kale. Seva inalibe vuto, laisensi yathu inali bwino. Wolondera pageti ndi amene anali ndi kalendala yolakwika. Chokwiyitsa n'chakuti gemu sinatchule n'komwe za nthawi.

Wotchi imeneyi ndi kachipangizo ka pabolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Kali ndi kamwala ka kwatsi kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse, ndipo kachipangizoko kakawerenga kufika pamenepo kamawonjezera sekondi imodzi. Kuti kaziwerengabe magetsi akathima, kamadalira kabatire kooneka ngati kobidi, kolembedwa `CR2032`, ka mavoti 3. Kompyuta ikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa kumagetsi, ngati yathu ya m'katoniyi, kabatireko kamatha. Chizindikiro chake n'chosavuta: nthawi imakhala bwino malinga ngati pulagi ili kukhoma, koma magetsi akangothima deti imabwerera chaka chakale chomwechija.

Kukonza kwake tinalowa mu `Settings`, kenako `Time & language`, kenako `Date & time`. Ndinadina `Sync now` kuti itenge nthawi pa intaneti, koma inakana. Izi zimachitika wotchi ikasiyana kwambiri ndi nthawi yeniyeni. Ndiye ndinazimitsa `Set time automatically`, n'kulemba deti ndi nthawi pamanja ndikuonera pafoni, kenako n'kuyatsanso. Apa m'pamene inavomera. Onaninso `Time zone`: ife kuno timasankha `(UTC+02:00) Harare, Pretoria`, chifukwa Malawi ali patsogolo ndi maola awiri pa nthawi imene maseva amawerengera. Mukasankha dera lolakwika n'kukonza maola pamanja, wotchi imaoneka yolondola pamaso koma m'kati yaphonya ndi maola angapo, ndipo ma akaunti ena amakana kukulowetsani. Tinatseka gemu, n'kuitsegulanso. Inalowa.

Musaganize kuti izi n'za makompyuta otopa a kumudzi okha ayi. Pa 1 Malichi 2010, makina akale a PlayStation 3 padziko lonse anasokonezeka chifukwa wotchi yake inayesa kuti chakacho chili ndi 29 Febuluwale. Anthu ankaona `8001050F`, gemu zina osatseguka, mpaka tsikulo litadutsa.

Ife tinakhala mlungu wathunthu tikulemba deti pamanja magetsi akathima, mpaka amalume atapita ku Mwanza n'kutigulira kabatire. Tinazula pulagi kukhoma, kutsegula chivundikiro, kukankha kachitsulo kogwira batire, n'kuika katsopano mbali ya `+` ikuyang'ana kumwamba. Tinakonza nthawi komaliza. Madzulo ake msuweni wanga anandichinya zigoli zinayi kwa chimodzi.