Manotsi Athirireni Ngati Mbande za Kudimba

Mlimi amene wawokera mbande za tomato sakhuthulira madzi a mwezi wonse pa bedi tsiku limodzi. Amathirira pafupipafupi mbande zikadali zanthete, ndipo mizu ikazama amayamba kudumphitsa masiku. Mutu wa munthu umasunganso zinthu chimodzimodzi. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti zimene taphunzira kumene zimaiwalika mofulumira masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro.

Tinene kuti muli Fomu 4, mayeso a MSCE atsala masiku 42, ndipo manotsi anu achidule a Bayoloje ndi masamba 24. Agaweni m'zigawo 12, chilichonse cha masamba pafupifupi awiri. Podula tsatirani mutu wa nkhani, osati nambala ya tsamba. Mtima ndi kayendedwe ka magazi zikhale pamodzi ngakhale zitatenga masamba atatu, chifukwa mukazilekanitsa mudzaloweza mayina a mitsempha osadziwa kumene magaziwo akupita.

Tsiku lililonse phunzirani chigawo chimodzi chatsopano kwa mphindi 30. Chigawocho muchibwereze mawa lake, kenako pakatha masiku 3, 7 ndi 14 kuchokera tsiku limene munachiyamba. Choncho chigawo choyamba chibweranso pa tsiku la 2, la 4, la 8 ndi la 15. Lembani masikuwa pamwamba pa chigawo chilichonse, poti mukadalira kukumbukira adzakusokonezani sabata isanathe.

Pa tsiku la 8 ntchito imakhala yotere: chigawo cha 8 ndi chatsopano, ndipo zobwereza ndi cha 7, cha 5 ndi choyamba, mphindi 10 chilichonse. Ola limodzi lakwana. Chigawo chomaliza mudzachibwereza kotsiriza pa tsiku la 26, ndiye masiku 16 otsalawo ndi a mapepala a mayeso a m'mbuyomu.

Pamene fanizo la kudimba likuperewera ndi apa. Madzi amachokera kunja, koma kubwereza kwenikweni kumafuna kuti yankho lichoke m'mutu mwanu. Ophunzira ambiri amangoyendetsa maso pa tsamba, mawu n'kuoneka odziwika, iwo n'kumati agwira. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa m'chipinda cha mayeso tsambalo silikhalamo. Tsekani kope, jambulani mtima, lembani zipinda zake zinayi ndi njira ya magazi opita kumapapo, kenako tsegulani muone chimene mwasiya.

Ngati mwakumbukira zosakwana theka, chigawocho chiyambirenso, muchibwereze mawa. Ngati kubwereza kukukudyerani mphindi zoposa 15 nthawi zonse, chigawocho chakula, chiduleni pawiri. Ndipo tsiku likakudutsani, yambani ndi zobwereza, chatsopano chidikire. Musawokere bedi lina pamene ladzulo likufota.