Laputopu ya kaunjika ingapose bwanji yatsopano ya m'katoni?

Laputopu yotchipa siyamba kufera m'kati. Nthawi zambiri imayambira pamahinjesi, pomwe chivundikiro cha sikirini chimalumikizana ndi thupi la makinawo. Mahinjesiwo ndi achitsulo, koma masikuluu amene amawagwira amalowa m'timanati tamkuwa tomwe anangotimiza m'pulasitiki. Mukamatsekula ndi kutseka tsiku ndi tsiku, mphamvu yonse imagwera papulasitikipo. Imayamba ndi kulira pang'ono, kenako pakona pamayasama, ndipo tsiku lina timanati tija timazuka n'kutenga pulasitiki yomwe. Purosesa imakhala ikadali bwinobwino, koma laputopu yafika poyedzamira khoma kuti sikirini isagwe chagada.

Vutoli limachokera pa momwe makampani amagawira katundu wawo. Kampani imodzi yomweyo imapanga malaputopu a mitundu iwiri, ena a anthu wamba ogwiritsa ntchito kunyumba, ena a maofesi ndi mabungwe. Lenovo ili ndi IdeaPad ya kunyumba ndi ThinkPad ya kuntchito. Dell inkagulitsa Inspiron kwa anthu wamba ndi Latitude kwa makampani, pomwe HP inali ndi Pavilion mbali iyi, ProBook ndi EliteBook mbali inayo. Dzina lili pachivundikiro n'limodzi, koma ogula ake ndi osiyana, ndipo wopanga amadziwa bwino chomwe aliyense akuyang'ana.

Munthu wogulira kunyumba amayang'ana mtengo, kukula kwa sikirini ndi kukongola. Mahinjesi sawaona, choncho wopanga akafuna kutsitsa mtengo amachepetsa kumene diso silifika. Banki kapena kampani ya inshuwalansi imagula mwanjira ina. Imatenga malaputopu mazanamazana nthawi imodzi, kawirikawiri ndi waranti ya zaka zitatu, ndipo ili ndi anthu ake olembedwa ntchito yosamala makompyuta omwe amawerenga kuti angati awonongeka. Laputopu ikafa waranti isanathe, wopanga ndiye amalipira mmisiri ndi zipangizo. Zikafa zambiri, oda ya chaka china imapita kwa mnzake. Kulimba kwa laputopu ya kuntchito sikuchokera m'chifundo cha wopanga ayi, akuteteza thumba lake lomwe.

N'chifukwa chake thupi la malaputopu ambiri a kuntchito limapangidwa ndi magineziyamu, aluminiyamu, kapena pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi kapena wakaboni. Thupi lolimba silipindika mukainyamulira pakona ndi dzanja limodzi, ndipo zimenezi n'zofunika kuposa momwe zimaonekera, chifukwa thupi likamapindika, bodi yaikulu m'katimo imapindikanso, mpaka molumikizira mwake mumayamba ming'alu. Makiyibodi ambiri a mtunduwu anapangidwanso kuti tiyi akatayikira pang'ono asafike msanga pabodi. Ma ThinkPad ambiri anali ndi timabowo pansi totulutsira madziwo. Izi zimangokupatsani mpata woti muzimitse makina mwachangu, osati chilolezo chomamwera tiyi pamwamba pake.

Otsatsa malonda amakonda kutchula MIL-STD-810, ndondomeko ya asilikali a ku America yoyesera zipangizo pakutentha, kuzizira, fumbi, chinyezi ndi kugwedezeka. Ine sindiikapo mtima kwambiri. Wopanga amasankha yekha mayeso oti achite, ndipo laputopu yokhoza mayesowo ikagwa pasimenti, sikirini imaswekabe. Chomwe ndimachiwerengera kwambiri ndi chakuti makinawa anawapanga kuti azitsekulidwa. Lenovo, Dell ndi HP amasindikiza mabuku aulere osonyeza momwe mungamasulire laputopu ya kuntchito sikuluu ndi sikuluu, komanso nambala ya chipangizo chilichonse. Ndipo popeza mtundu umodzi unagulitsidwa wochuluka zedi, kiyibodi, fani kapena batire yake imapezekabe patapita zaka zambiri.

Zaka zitatu kapena zisanu zikakwana, kampani ija imachotsa malaputopu onse nthawi imodzi, ngakhale ambiri alibe vuto. Ena anangokhala patebulo moyo wawo wonse, olumikizidwa ku sikirini yaikulu. Amagulitsidwa mopikulitsa kwa makampani omwe amafufuta zonse za m'kati, kuwapukuta ndi kuwagulitsanso, ndipo ena mwa iwo ndi amene timawapeza m'mashopu a makompyuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mtengo umatsika kwambiri chifukwa atuluka ambiri pakamodzi, osati chifukwa atha ntchito.

Tiyeni titenge imodzi, ThinkPad T480, yomwe inatuluka mu 2018, tiiyerekeze ndi laputopu yatsopano ya mtengo wotsikitsitsa, yokhala ndi purosesa ya Celeron N4020, ramu ya 4 GB ndi mosungira zinthu mwa 64 GB. Yatsopanoyo ndi yonyezimira, ili ndi waranti, batire yake sinagwirepo ntchito. Koma purosesa yake ili ndi mitima iwiri yokha yogwirira ntchito, ndipo pamalaputopu ambiri a mtengo umenewu ramu ndi mosungiramo zinawotchereredwa pabodi, moti simungaonjezere. Windows yokha imadya gawo lalikulu la 4 GB ija. Wophunzira akatsekula Word, PDF ndi masamba angapo a pa intaneti, makina amayamba kupuma befu, ndipo palibe mmisiri angawathandize.

T480 yokhala ndi Core i5-8250U ili ndi mitima inayi. Ili ndi malo awiri olowetsamo ramu, mpaka 32 GB, choncho mutha kugula ya 8 GB lero n'kudzaonjezera chaka chamawa ndalama zikapezeka. SSD yake imachotseka. Kiyibodi imasinthidwa payokha, pomwe pamalaputopu ambiri otchipa inamatiriridwa kuthupi, moti batani limodzi likafa mumagula chapamwamba chonse. Chokoma kwambiri kwa ife okhala kumene magetsi amathimathima ndi mabatire ake. Ili ndi awiri, imodzi ya m'kati ya 24 Wh, ina yakunja yomwe imabwera ya 24, 48 kapena 72 Wh. Yakunjayo mumaichotsa ndi kuika ina makina ali chiyakire, chifukwa ya m'kati imagwiriziza. T490 yomwe inalowa m'malo mwake inasiya zimenezi, inabwera ndi batire imodzi ya m'kati ndiponso mbali ina ya ramu yowotchereredwa. Choncho si laputopu iliyonse ya kuntchito yomwe imatsekuka chimodzimodzi. Zatsopano zopyapyala zambiri zayamba kufanana ndi za kunyumba.

Komabe kaunjika ndi kaunjika, wogula amatambasula chovala n'kuyang'ana m'khwapa asanapereke ndalama. Choyamba kuyang'ana ndi m'badwo wa purosesa, chifukwa mawu akuti "ndi i5 iyi, bwana" sanena zambiri. Core i5 inayamba kupezeka mu 2009 ndipo yadutsa mibadwo yambirimbiri. Pa i5-8250U, nambala 8 yoyambirirayo ndiyo m'badwo. Microsoft inasiya kupereka zokonza zaulele za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. T470 ndi T480 zimafanana kwambiri poziona, koma T470 ili ndi purosesa ya m'badwo wa 6 kapena 7. Ngakhale ma T480 ena anatuluka ndi ya m'badwo wa 7, monga i5-7300U, yomwe ili ndi mitima iwiri. Musakhulupirire sitika. Tsekulani Task Manager, pitani pa Performance, muwerenge nokha nambala yonse. Wogulitsa atha kuikamo Windows 11 mokakamiza pamakina akale, ndipo kuyaka imayaka, koma Microsoft silonjeza kuti zokonza zizifikabe.

Chachiwiri ndi maloko, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimatayika zonse. Zimene zinkateteza kampani zitha kukutsekerani inuyo kunja. Makina akamayaka, dinani F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell, kapena F10 pa HP kuti mulowe mu BIOS. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, isiyeni pomwepo, chifukwa pa ThinkPad pasiwedi ya woyang'anira sichoka pongochotsa batire, ndipo njira yovomerezeka ndi kusintha bodi yonse. Muli m'menemo, yang'anani mawu akuti Absolute kapena Computrace. Ngati yayatsidwa, mwini wakale atha kutsatira kapena kutseka laputopuyo ali kutali. Loko ina imaonekera pokhapokha mukaikamo Windows mwatsopano n'kulumikiza intaneti: sikirini imatulutsa dzina la kampani ina n'kufuna akaunti ya wantchito wake. Kufufuta SSD sikuthetsa vutoli, chifukwa nambala ya makinawo inalembetsedwa kwa Microsoft m'dzina la kampaniyo, ndipo woyenera kuichotsa ndi kampani yomweyo. Gwirizanani ndi wogulitsa, molemba pa lisiti, kuti zikatero mudzabweza.

Batire ndiyo imakalamba ngakhale laputopu isamalidwe chotani, koma ukalamba wake umayezeka. Tsekulani Command Prompt mulembe izi:

```
powercfg /batteryreport
```

Windows ikuuzani pomwe yasunga lipoti. M'lipotimo yerekezani DESIGN CAPACITY, mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano, ndi FULL CHARGE CAPACITY, imene ikusunga lero. Tinene kuti yoyamba ikuonetsa 24,000 mWh, yachiwiri 15,000 mWh. Ndiye kuti yatsala ndi mphamvu pafupifupi 62 pa 100 iliyonse, ndipo ngati kale inkatha maola anayi, pano iziyenda awiri ndi theka. Zimenezi si chifukwa chokanira laputopuyo, koma ndi chifukwa chonenerera mtengo, popeza batire yatsopano muigula ndinu. Yokana ndi yotupa. Mukaona thupi layasama popanda kugwa, kapena poyendetsera chala patukuka, batire ya m'kati yafufuma ndipo itha kuyaka moto.

Pa T480 pali zina ziwiri zoti muone. Imachajidwa kudzera pa USB-C, ndipo kabowoko kanawotchereredwa pabodi, choncho lowetsani chaja mugwedeze pang'ono muone ngati ikudukiza. Yesani mabowo onse awiri, chifukwa mitundu ya zaka zimenezo inali ndi vuto la pulogalamu ya Thunderbolt lomwe linkapha limodzi la mabowowo, ndipo Lenovo inatulutsa chokonzera chomwe muyenera kuikamo mukangogula. China ndi sikirini. Makampani ambiri ankasankha yotchipa ya 1366x768, yomwe imachita mbuu mukaiyang'anira chammbali, pomwe ya 1920x1080 ndi yabwino kwambiri powerenga nthawi yaitali. Kunja zonse zimalembedwa T480, kusiyana kwake mumakuona pa Display mu Settings.

Pali anthu amene malonda awa sawayenera. Wofuna kusewera magemu olemera kapena kukonza mavidiyo aakulu apeza kuti malaputopu ambiri a kuofesi alibe khadi lamphamvu la zithunzi, ndipo masipika ake ndi ongomvera misonkhano. Amene ali ndi ndalama zogulira yatsopano ya mtengo wapakati, ya purosesa ya masiku ano ndi ramu ya 16 GB, apeza liwiro ndi batire zoposa za T480, pamodzi ndi waranti ya chaka. Kumene ya kaunjika imapambana mosakayikitsa ndi kumunsi kwa msika, pomwe ndalama zomwezo zikanangogula Celeron uja. Mukaigula, siyani kangachepe pambali kuti mmisiri aitsekule, apukute fumbi m'fani ndi kupaka phala latsopano loziziritsa papurosesa, popeza lakale limakhala litauma pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo.