Minibasi ya m'kope yomwe inkakana kuima

Tsiku lina madzulo mphwanga wa Fomu 3 anandibweretsera kope lake la fizikisi nkhope ili ngwee. Funso linali la minibasi yothamanga makilomita 72 pa ola. Dalaivala waponda mabuleki, ndipo sekondi iliyonse liwiro likutsika ndi mamita 5 pa sekondi, zomwe m'mabuku amalemba 5 m/s². Kodi minibasiyo iyenda mtunda wotani isanaime? Mnyamatayo anali atalemba mamita 518.4, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake.

"Masamu ndabwereza katatu, amalume," anatero. "Palibe pomwe ndaphonya."

Ankanena zoona. Fomyula anatenga yoyenera, s = v²/2a, momwe s ndi mtunda, v ndi liwiro ndipo a ndi katsikidwe ka liwirolo. Kuchulukitsa ndi kugawa kunalinso bwino: 72 kuchulukitsa ndi 72 ndi 5,184, ndipo kugawa ndi 10 kumapatsadi 518.4. Ndinangomufunsa kutalika kwa bwalo la mpira. Anati ndi mamita 100 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye ndinati aganize minibasi yomwe dalaivala waponda mabuleki pa golo ino, koma iyo n'kudutsa mabwalo asanu ondondozana isanaime. Anakhala chete, kenako anati, "Imeneyotu ndiye kuti ilibe mabuleki."

Apa m'pamene ana ambiri amagwera, ndipo zimandiwawa chifukwa si ana aulesi. Amakhulupirira nambala yomwe yatuluka, osaifunsa ngati ingachitike pamsewu womwe amayendapo tsiku ndi tsiku.

Vuto la mphwangayo linali miyezo. Liwiro linali m'makilomita pa ola, pamene mphamvu ya mabuleki inali m'mamita ndi masekondi. Zili ngati kuphatikiza chimanga choyeza m'ndowa ndi china choyeza m'matumba, n'kunena kuti zonse pamodzi ndi khumi. Khumi chani? Tinayamba n'kusintha liwirolo. Makilomita 72 ndi mamita 72,000, ndipo ola limodzi ndi masekondi 3,600. Mukagawa mupeza mamita 20 pa sekondi. Njira yachidule ndi kugawa ndi 3.6. Tsopano 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400, kugawa ndi 10, yankho ndi mamita 40, osafika ndi theka lomwe la bwalo. Onani kuti cholakwa cha 3.6 chija chinakula kufika pafupifupi ka 13, chifukwa liwiro limadzichulukitsa lokha m'fomyulayi. N'chifukwa chakenso galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti iime umakula kanayi.

Koma pali kafufuzidwe kena kozama kuposa kusintha miyezo. Chilichonse chomwe timayeza pankhani ya kuyenda kwa zinthu chimamangidwa ndi zinthu zitatu: kutalika, nthawi ndi kulemera. Mamita, makilomita ndi mayadi onse ndi a banja limodzi la kutalika. Lamulo lake ndi lakuti mbali ziwiri za chizindikiro cha = ziyenera kukhala za banja limodzi. Funso likafuna mtunda, yankho lituluke mtunda basi.

Tiyerekeze kuti m'chipinda cha mayeso mwana wasokonezeka, ndipo walemba s = v/2a, kuiwala kanambala 2 kakang'ono ka pamwamba pa v. Apeza 20 kugawa ndi 10, n'kulemba mamita 2. Akanayenda ndi miyezo yake sitepe iliyonse akanadzigwira yekha. Pamwamba pali m/s, pansi pali m/s². Mamita a pamwamba afafanizana ndi a pansi, sekondi imodzi ifafanizana ndi inzake, ndipo chotsala ndi masekondi. Ndiye kuti wapeza nthawi pamene anafunsidwa mtunda. Fomyula yoona ili ndi m²/s² pamwamba ndi m/s² pansi. Masekondi onse amachoka, pamatsala mamita. Ubwino wa njirayi ndi wakuti sifuna ngakhale nambala imodzi, ndipo imathandiza munthu amene fomyula ikumuzemba m'mutu kuti asankhe yoona mwa ziwiri zomwe akukayikira.

Ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Nambala wamba ngati 2 wa pansi uja ilibe muyezo uliwonse, choncho njirayi siiona. Wolemba s = v²/a apeza mamita 80, miyezo yonse ili m'malo mwake, koma yankho lili lolakwika. Apa n'kofunika kubwerera ku nzeru za pamsewu. Liwiro la mamita 20 pa sekondi likamatsika ndi 5 sekondi iliyonse, litha pa masekondi 4. Minibasi ikanathamanga masekondi 4 onsewo osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono, ikanayenda mamita 80. Koma iyi ikuchepetsa, kotero yankho liyenera kukhala pansi pa 80. Popeza liwiro likutsika mofanana kuchoka pa 20 kufika pa 0, la pakatikati ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 4 ndi 40 yemwe uja. Yankho lomwe mwalipeza podzera njira ziwiri zosiyana mukhoza kuligonera tulo.

Wina angati izi ndi za ana asukulu ofuna malikisi. Ayi ndithu. Mu Disembala 1998 bungwe la NASA la ku Amereka linatumiza chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter kuti chikazungulire pulaneti la Mars n'kumafufuza nyengo yake. Pulogalamu ya pakompyuta ya kampani yomwe inapanga chombocho inkapereka kukankha kwa timainjini take m'muyezo wa mapaundi, pamene akatswiri ochiwongolera ankawerenga manambalawo ngati manyutoni. Paundi imodzi ya mphamvu ndi manyutoni pafupifupi 4.45, ndiye nthawi zonse ankaona ngati timainjinito takankha pang'ono kuposa mmene tinakankhiradi. Cholakwacho chinkaunjikana kwa miyezi 9. Pa 23 Seputembala 1999, chombo chomwe chinayenera kudutsa makilomita 226 pamwamba pa Mars chinatsikira cha pa makilomita 57, mkati mwa mpweya wa pulanetilo, ndipo sichinamvekenso. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa ochiwongolera anali ataona kale kuti manambala sakugwirizana, koma nkhawa yawo sinatsatidwe mpaka pa gwero lake.

Mphwanga uja tinapangana chinthu chimodzi: nambala iliyonse yolowa m'kope mwake izilowa ndi muyezo wake pambali, kuyambira mzere woyamba, osati kungoumata pamapeto ngati chokongoletsa. Tinawonjeza kuti azisunga m'mutu manambala angapo oyerekezera. Munthu woyenda pansi amayenda mamita osafika 2 pa sekondi. Wothamanga kwambiri padziko lonse pa mpikisano wa mamita 100, Usain Bolt, anatenga masekondi 9.58 mu 2009, ndiye kuti mamita 10 ndi pang'ono pa sekondi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mwana wodziwa zimenezi sangalembe kuti wanjinga akuthamanga mamita 90 pa sekondi, kapena kuti chigubu cha malita 20 chikulemera makilogalamu 2,000.

Inu aphunzitsi ndi makolo, mwana akakubweretserani yankho, musathamangire kuona ngati likufanana ndi la kumapeto kwa buku. Yambani mwamufunsa kuti nambalayo ndi ya chiyani, ndiponso ngati anaonapo chinthu chotero ndi maso ake.