Liwiro lobwereka kwa Jupiter: mmene Voyager 2 inafikira ku Neptune

Pa 20 Ogasiti 1977, roketi inanyamuka ku Cape Canaveral m'dziko la America itasenza chombo cha Voyager 2, cholemera makilogalamu pafupifupi 825. Roketiyo inali yamphamvu, koma mphamvu zake zinali zongokwanira kuponya chombocho mpaka chakufupi ndi Jupiter. Chikanasiyidwa chokha, Dzuwa likanachikoka n'kuchibweza, ndipo bwenzi chikungozungulira mpaka lero. Koma patatha zaka 12 chinali chitadutsa pa Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune, ndipo pano chikupitirirabe kutali, sichidzabweranso. Mafuta amene chinanyamula anali makilogalamu 100 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ntchito yake inali yongowongolera chombocho. Nanga liwiro lonselo chinalitenga kuti?

Chinalitenga kwa mapulaneti amene chinkadutsapo, makamaka Jupiter. Koma yankho limeneli limasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, chifukwa amaganiza kuti pulaneti imakoka chombo, chombocho n'kuthamanga kwambiri, basi nkhani yatha. Si mmene zilili. N'zoona kuti chombo chikamayandikira Jupiter, mphamvu yokoka ya pulanetiyo imachithamangitsa. Koma chikangodutsa n'kuyamba kutalikira, mphamvu yomweyo imachikokera m'mbuyo, ndipo liwiro lonse limene chinapeza polowa chimalitaya potuluka. Munthu atati akhale pa Jupiter n'kumayeza, angaone chombo chikubwera pa liwiro linalake n'kuchokanso pa liwiro lomwelo. Chimene chasintha ndi kumene chombocho chalowera, chifukwa njira yake yapindidwa.

Chinsinsi chagona poti Jupiter sinangoima. Ikuzungulira Dzuwa pa liwiro la makilomita 13 pa sekondi iliyonse, ndipo ulendo wa chombo timauyeza poyerekeza ndi Dzuwa, osati ndi Jupiter.

Taganizirani mwana ataima m'mbali mwa msewu, ndipo akuponya mpira kutsogolo kwa lole imene ikubwera. Mpirawo ukuyenda makilomita 10 pa ola, loleyo makilomita 60. Kwa dalaivala, mpira ukubwera pa liwiro la 70, ndipo ngati uli wonjanja bwino, ugunda galimoto n'kubwerera pa 70 yomweyo. Dalaivala saona kusintha kulikonse. Koma mwana uja aona mpira wake ukuuluka pa 130, chifukwa pa 70 ija pawonjezeka 60 ya lole. Mpirawo ulibe injini. Mphamvu yachoka kwa lole, imene yachepetsa liwiro pang'ono zedi moti dalaivala sangadziwe n'komwe. Kumwambako chombo sichigunda pulaneti, chifukwa kugunda n'kutha kwa ulendo. Mphamvu yokoka ndiyo imagwira ntchito yotembenuza, ndipo masamu ake ndi ofanana.

Tiyeni tsopano titsatire Voyager 2 yeniyeniyo. Kuchoka pa Dziko Lapansi kupita ku Jupiter ndi ulendo wolimbana ndi kukoka kwa Dzuwa, choncho chombocho chinkachepa liwiro tsiku ndi tsiku kwa miyezi pafupifupi 23. Pofika m'dera la Jupiter chinali chitatsala ndi makilomita pafupifupi 10 pa sekondi. Pamtunda umenewo, chinthu chofuna kuthawa Dzuwa mpaka kalekale chimafunika makilomita 18.5 pa sekondi, ndiye chombocho chinali choperewera kwambiri. Onaninso kuti Jupiter, pa 13, inali yothamanga kuposa chombocho. Sikuti Voyager 2 inkathamangitsa Jupiter. Inangofika pamalo oyenera, Jupiter n'kuipeza.

Poyerekeza ndi Jupiter, chombocho chinkabwera chakumbali pa makilomita pafupifupi 8 pa sekondi. Akatswiri anachilunjikitsa kuti chidutse kumbuyo kwa pulanetiyo, kutanthauza mbali imene Jupiter ikuchokera. Pa 9 Julayi 1979 chinafika pafupi kwambiri, makilomita pafupifupi 650,000 kuchokera pamwamba pa mitambo ya Jupiter. Njira yake inapindika, ndipo chinatuluka pa 8 yomweyo, koma tsopano chitaloza pafupifupi kumene Jupiter inkalowera. Apa 8 ija inaphatikizana ndi 13 ya Jupiter. Zikanalunjikana ndendende zikanapereka 21, koma popeza zinasiyana pang'ono, chombocho chinachoka ndi makilomita pafupifupi 20 pa sekondi. Chinalowa ndi 10, chinatuluka ndi 20, ndipo 20 ndi yoposa 18.5. Kuyambira pamenepo Dzuwa silikanathanso kuchibweza.

Makilomita 10 pa sekondi ndi makilomita 36,000 pa ola, ndipo kuwapeza ndi mafuta n'chintchito chosayerekezeka. Vuto la roketi n'lakuti mafuta amene idzawotche mawa iyenera kuwanyamula lero, ndipo kuwanyamulako kumafunanso mafuta ena. Ndi injini yabwino yotulutsa mpweya pa makilomita 3 pa sekondi, kuwonjezera liwiro la 10 kumafuna mafuta olemera kuwirikiza ka 27 kulemera kwa chombocho. Kwa Voyager 2 amenewo akanakhala matani oposa 20, ndipo panalibe roketi imene ikanaponya katundu wotero mpaka ku Jupiter.

Wina angafunse ngati apa sitikupeza mphamvu kuchokera popanda kanthu. Ayi, Jupiter inalipira. Pamene inkakokera chombo kutsogolo, chombocho chinkaikokera kumbuyo ndi mphamvu yofanana, ndipo pulanetiyo inataya kaliwiro kena. Kungoti Jupiter ndi yolemera kuwirikiza ka 318 kuposa Dziko Lapansi, pamene chombocho sichikwana ngakhale tani imodzi. Palibe chida chimene chingayeze zimene Jupiter inataya.

Nzeru imeneyi inakhwima ku Jet Propulsion Laboratory, malo opangira zombo a bungwe la NASA ku California. Mu 1961 Michael Minovitch, wophunzira masamu amene ankagwirako ntchito pa tchuthi, anawerengera mmene pulaneti yoyenda ingaponyere chombo kupita ku pulaneti ina. Mu 1965 wophunzira wina, Gary Flandro, anaona kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune adzakhala atandandalikana mwakuti chombo chimodzi chingachoke pa ina kupita pa inzake. Zimenezi zimachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Ulendo wa ku Neptune, umene ukanatenga zaka pafupifupi 30, unafupika kufika pa 12. Chimandikhudza mtima n'chakuti mwayi wosowa chonchi unagwa pamene anthu anali atangophunzira kumene kutumiza zombo kunja kwa Dziko Lapansi. Ukanabwera zaka 20 m'mbuyo, ukanangodutsa popanda woukonzekera.

Saturn, mu Ogasiti 1981, inawonjezera makilomita pafupifupi 5 pa sekondi. Uranus, pa 24 Januwale 1986, inawonjezera pafupifupi 2. Kuchepaku kuli ndi zifukwa zake. Mapulaneti akutali amayenda pang'onopang'ono, ndiye alibe liwiro lambiri logawa. Ndi opepukanso poyerekeza ndi Jupiter, choncho sapinda njira kwambiri pokhapokha chombo chitadutsa pafupi zedi. Ndiponso chombo chikakhala chothamanga kale chimakhala kanthawi kochepa pafupi ndi pulaneti, moti chimapindidwa pang'ono.

Pali malire enanso ovuta kuposa awa. Kuyandikira kwambiri kumapinda njira kwambiri, koma pafupi ndi Jupiter pali cheza choopsa chimene chimawononga zida zamagetsi, ndipo Saturn ili ndi mikombero ya miyala ndi madzi oundana imene chombo chiyenera kuizemba. Kulunjika nako sikufuna zongoyerekeza. Chombo chikaphonya malo ake ndi makilomita mazana ochepa pa pulaneti yoyamba, njira imapindika mosiyanako pang'ono, ndipo patatha zaka kaphonyedwe kakang'onoko kamakhala katakula kutalitali pofika pa pulaneti yotsatira. N'chifukwa chake si zoona kunena kuti ulendo wotere sufuna mafuta n'komwe. Miyezi ndi masabata chombo chisanafike, oyendetsa amayatsa tiinjini ting'onoting'ono kukonza njira, ndipo chikadutsa amakonzanso. Amadziwa pamene chili poyang'ana mafunde a wailesi amene chimatumiza ku madishi akuluakulu a ku Goldstone ku California, kufupi ndi Madrid ku Spain, ndi kufupi ndi Canberra ku Australia. Nthawi imene mafundewo atenga imasonyeza mtunda, ndipo kusintha kwa kamvekedwe kawo kumasonyeza liwiro. Chombocho chimajambulanso miyezi ya pulanetiyo pamodzi ndi nyenyezi zodziwika kuti oyendetsa atsimikize. Pa nthawi yodutsa yeniyeniyo palibe amene angachitepo kanthu, pakuti uthenga wochokera ku Neptune umatenga maola oposa anayi kufika kuno.

Kudutsa pa pulaneti kumakakamizanso kusankha, chifukwa njira imodzi singakwaniritse zofuna zonse. Voyager 1, imene inanyamuka pa 5 Seputembala 1977, inafika ku Saturn mu Novembala 1980. Asayansi ankafunitsitsa kuona Titan, mwezi waukulu wa Saturn umene uli ndi mpweya wochindikala. Njira yodutsa pafupi ndi Titan inachititsa kuti Saturn iponyere chombocho chakumpoto, kunja kwa dera limene mapulaneti amayendamo, ndipo sichinafikenso pa pulaneti ina. Iwo ankadziwa mtengo wake ndipo anavomera kuulipira. Ine ndimaona kuti anasankha bwino, popeza Voyager 2 inali m'mbuyo, yokonzeka kupitiriza ku Uranus ndi Neptune.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito ngati mabuleki. Chombo chikadutsa kutsogolo kwa pulaneti, mbali imene pulanetiyo ikulowera, chimatuluka chitataya liwiro. Zimenezi n'zofunika kwa zombo zopita chakufupi ndi Dzuwa, chifukwa chilichonse chochoka pa Dziko Lapansi chimakhala chikuzungulira kale Dzuwa pa makilomita 30 pa sekondi, ndipo kuti chitsikire mkati chiyenera kutayako liwirolo. Mariner 10 inadutsa pa Venus, imene ife timaitcha Nthanda, mu 1974 kuti ifike ku Mercury. Parker Solar Probe, imene inanyamuka mu 2018, inadutsa pa Venus kasanu ndi kawiri, ulendo uliwonse ikufupikitsa njira yake, mpaka mu Disembala 2024 inafika makilomita 6.1 miliyoni okha kuchokera pa Dzuwa.

Voyager 2 nayo inataya liwiro pa pulaneti yake yomaliza, ndipo zinali zadala. Pambuyo pa Neptune panalibe pulaneti ina yoti ilunjike, choncho oyendetsa anali ndi ufulu wosankha njira yongokomera sayansi. Anasankha Triton, mwezi waukulu wa Neptune. Pa 25 Ogasiti 1989 chombocho chinadutsa pamwamba pa nsonga yakumpoto ya Neptune, makilomita osakwana 5,000 kuchokera pa mitambo, pafupi kuposa pa pulaneti ina iliyonse pa ulendo wonsewo. Neptune inachipindira chakumwera, ndipo patangopita maola ochepa chinajambula Triton, kumene kunapezeka malo ofuka mpweya kuchokera pansi pozizira koopsa. Kupindikako kunachilanda makilomita pafupifupi 2 pa sekondi. Lero Voyager 2 ikuyenda pa makilomita 15 pa sekondi pamene Voyager 1 ili pa 17, ndipo mu Novembala 2018 inatuluka m'dera limene mphepo yochokera ku Dzuwa imafika.