Fyuzi ili yamoyo, koma makina ali zii

Pamalo ena opopera madzi, makina anangoti zii m'mawa wina. Mmisiri atatsegula bokosi lowongolera makinawo, lomwe anzathu a zamagetsi amalitcha panelo, anapeza kanyale kolembedwa DC OK kakuphethira ngati chiphaniphani. Anayeza mafyuzi onse, onse anali amoyo. Patapita maola atatu m'pamene anapeza kuti khoswe anatafuna waya wopita ku vavu imodzi, mawaya awiri n'kukhudzana. Shoti inali pa vavu imodzi yokha, koma panelo yonse inagona nayo. Nanga fyuzi, yomwe ntchito yake n'kupsa pakachitika zotere, inalekeranji kupsa?

Tiyambe ndi sapulai, kabokosi kamene kamalandira magetsi a mavoti 230 a pakhoma n'kuwasandutsa a mavoti 24 oyenda mbali imodzi, monga a batire. Posankha kukula kwake, mmisiri amatenga pepala n'kulemba chilichonse chomwe chidzadye magetsi m'panelomo. M'panelo ngati imeneyi muli kakompyuta kolamulira makina, kotchedwa PLC, kamene kamakoka maampu 0.5, ndi sikirini yokoka 0.4. Masensa 10 pamodzi amakoka 0.3, marile 8 amakoka 0.2. Zipangizo zina zimalembedwa mawati m'malo mwa maampu, ndipo apo timangogawa mawatiwo ndi 24. Mavavu 4 a mawati 8 iliyonse ndi mawati 32, omwe ndi maampu 1.3, makoilo awiri a makontakita, a mawati 6 iliyonse, ndi maampu 0.5. Zonse pamodzi zikupereka maampu 3.2.

Sapulai ya maampu 3.2 enieniwo ingakhale ngati ngolo yodzaza mpaka m'milomo. Amisiri ambiri amawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye tafika pa maampu 4. Popeza masaizi ofala ndi 2.5, 5, 10 ndi 20, yoyenera pano ndi ya maampu 5, yomwe ndi mawati 120. Malo otsalawo si ongowononga ndalama. Masapulai ambiri amayamba kuchepa mphamvu kutentha kukapitirira madigiri 50 kapena 60, ndipo amene anagwirapo ntchito ku Chikwawa mu Okutobala akudziwa mmene m'bokosi lachitsulo lotseka mumatenthera masana. Ndiponso chaka chamawa bwana adzafuna vavu ina.

Masamu amenewa ambiri amawakhoza. Pomwe ambiri amaphonya ndi pa fyuzi.

Anthu timaganiza kuti fyuzi ya maampu 4 imapsa magetsi akangodutsa pa 4. Sizili choncho. Fyuzi ndi kawaya koonda kamene kayenera kutentha mpaka kusungunuka, ndipo zimenezi zimafuna nthawi. Mafyuzi agalasi aja a mamilimita 5 kwa 20, opangidwa motsata muyezo wa IEC 60127, amatha kupirira ola lathunthu akunyamula magetsi oposa nambala yake ndi theka. Ngakhale magetsi atawirikiza kawiri, fyuzi ikhoza kukhala mphindi zambiri isanaduke. Kuti iduke m'kuphethira kwa diso, pamafunika magetsi owirikiza kanayi kapena kuposa.

Pa magetsi a pakhoma vutoli silioneka, chifukwa shoti ikachitika pamadutsa maampu mazanamazana ndipo fyuzi imaphulika nthawi yomweyo. Sapulai ya mavoti 24 si yotero. Imadziteteza yokha. Ya maampu 5 imalola mwina 6 kapena 7, kenako imagwetsa mavoti ake, kapena imazima, n'kuyesanso kuyaka, n'kuzimanso. Kuphethira kwa kanyale kuja n'kumeneku.

Tsopano taonani zomwe zinachitika kumalo opopera madzi kuja. Amene anamanga paneloyo anaika mavavu onse, marile ndi makontakita pa fyuzi imodzi ya maampu 4. Khoswe atachita zake, sapulai inapereka maampu pafupifupi 6, omwe angoposa nambala ya fyuziyo ndi theka basi. Fyuzi inangofunda. Mavoti anagwa, ndipo PLC, yomwe imafuna mavoti osachepera 20.4 kuti igwire bwino ntchito, inazima. Sikirini yomwe ikanauza mmisiri pomwe pavuta inazimanso. Ine ndimaona kuti fyuzi yotere ndi yoipa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imanamiza munthu kuti kunja kulibe vuto, iye n'kumataya nthawi kukayikira sapulai yabwinobwino.

Mankhwala ake ndi kugawa panelo m'nthambi zing'onozing'ono, iliyonse ndi fyuzi yaing'ono imene sapulai ingathe kuipsereza. Mavavu awiri amakoka maampu osakwana 0.7, choncho fyuzi ya ampu imodzi ikuwakwanira. Awiri enawo akhale ndi yawoyawo. Marile ndi makontakita akhale pa ina ya ampu imodzi, masensa pa ya theka la ampu. Shoti ikachitika tsopano, maampu 6 aja ndi owirikiza kasanu ndi kamodzi, ndipo fyuzi yofulumira imaduka sekondi isanafike n'komwe pa theka. Nthambi imodzi yafa, zina zonse zabwerera, ndipo mmisiri akudziwa koyambira kufufuza.

Pa kachitsulo ka kumapeto kwa fyuzi pamalembedwa chilembo. F ndi yofulumira, T ndi yodekha. PLC ndi sikirini zimakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi kochepa zikamayaka, choncho zimafuna yodekha, monga T1A, apo ayi fyuzi izidzapsa m'mawa uliwonse popanda chovuta chenicheni. Mavavu ndi masensa aikireni yofulumira, monga F1A. Fyuzi imakhala pa waya wa + osati wa 0V.

Palinso nkhani ya kutalika kwa waya, yomwe imaiwalika kawirikawiri. Waya woonda wa 0.5, ukapita mamita 100 n'kubwereranso, umakhala ndi maomu pafupifupi 7. Shoti ikachitikira kumapeto kwenikweni, magetsi odutsa ndi 24 kugawa ndi 7, omwe ndi maampu 3.4 okha. Fyuzi ya ampu imodzi idzaduka ndithu, koma ya maampu 2 idzangokhala, waya ukufunda mwakachetechete. Chipangizo chikakhala kutali, kulitsani waya, osati fyuzi.

Ndisabise, fyuzi yosankhidwa bwino nayonso ili ndi malire. M'kanthawi kamene ikusungunuka mavoti amagwabe, ndipo PLC imangopirira kugwa kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Ikhoza kuzima n'kuyakanso. Pamakina omwe kuima kwawo kumataya katundu, ndi bwino kuipatsa PLC kasapulai kakekake, kapena kugula zotetezera zamakono zomwe zimayeza magetsi a nthambi iliyonse n'kuidula mavoti asanagwe. Mabuleka wamba a m'nyumba sathandiza pano: a mtundu wa C amafuna magetsi owirikiza kasanu mpaka kakhumi kuti agwe msanga, ndipo sapulai yaing'ono singafikepo.

Fyuzi ikapsa, kuipeza n'kosavuta. Ikani waya wakuda wa mita pa 0V, wofiira mugwiritse mbali zonse ziwiri za fyuzi. Mukapeza 24 mbali imodzi yokha, yapsa ndi imeneyo. Musanaike ina, tsatirani waya wa nthambiyo mpaka mupeze chomwe chaipsereza. Ndipo inu amisiri anzanga, chonde, bwezeranipo ya nambala yomweyo ndi chilembo chomwecho. Musakulungepo kawaya ka kopa.